Tsamba Limene Linakana Abambo

Achimwene anabwera nazo zolembazo kwathu ku Katete anthu atangomaliza kukumba mtedza. Anatsika minibasi ya ku Sinda, kumene amakhala, atakumbatira envulopu yakhaki pachifuwa, ndipo ngakhale mpando anaukana mpaka nditailandira ndi manja awiri. Inali mbiri ya tchalitchi cha kumudzi kwathu ku Vubwi, masamba makumi anayi otayipidwa, imene anaivutikira zaka zitatu maso awo akutha pang'onopang'ono ndi matenda a shuga. Tchalitchicho chinali kukonzekera chikondwerero cha jubili, ndipo komiti inafuna kabuku kogawira anthu pa tsikulo. Abusa anali atanena kuti kabukuko sikapita kosindikiza mpaka wina atayendera umboni uliwonse umene walembedwa m'munsi mwa masamba, chifukwa timabuku totere tinayambanitsapo mabanja m'mipingo ina.

"Ndabweretsa kwa iwe ndi cholembera chako chofiira chija," anatero. "Ana a eni unawazunza nacho zaka zambiri. Tsopano zunza mlongo wako."

Sananame. Ndinaphunzitsa mpaka kupuma, ndipo mbiri yanga m'masukulu inali yoti mayi uja saona nkhope. Mwana akandilembera kuti buku likutero, ndinkamuuza abweretse bukulo andiloze ndi chala. Anthu ankati ndine wovuta, ndipo ine sindinkakana. Koma kwa achimwene ndinali ndisanayesepo. Iwo ndiwo anandilipirira sukulu abambo atamwalira, ndiwo anaimira ukwati wanga, ndiwo malume a ana anga. Munthu wotere sumufunsa kuti akuloze ndi chala.

Ndinagula kope latsopano. Tsamba lililonse ndinalipatsa umboni umodzi: pamwamba ndinkakopera chiganizo chimene achimwene analemba, pansi pake dzina la buku kapena munthu amene anati wawauza, ndi nambala ya tsamba. Mafunso anga anali awiri okha. Loyamba, kodi chinthu chatchulidwachi chilipo, ndingachigwire ndi dzanja? Lachiwiri, ndikatsegula pa tsambalo, kodi likunenadi zimene achimwene akuti likunena? Zonse zikagwirizana ndinkachonga. Chikapezeka koma chikunena zina ndinkaika mtanda. Chikasowa ndinkazinga nambala yake.

Zambiri zinali bwino, ndipo ndinawanyadira. Zolakwa zinali zija za munthu wotopa maso. Vesi lina analiika pa mutu wolakwika, manambala atatembenuka. Buku lina la mbiri ya mamishoni ndinalipeza kwa abusa opuma kuno ku Katete, koma pa tsamba lotchulidwalo panali nkhani ya chipatala. Ndinatsala pang'ono kuika mtanda, kenako ndinaona kuti la abusawo linali losindikizidwa kachiwiri ndipo masamba anasuntha. Mawuwo ndinawapeza patsogolo pake, ndipo ndinalemba kuti titchule kusindikiza kumene tagwiritsa ntchito. Mkulu wina wa ku Mkaika, amene achimwene analemba kuti anaona ndi maso tchalitchi chaudzu chikupsa, anandiseka nditamufunsa. Anati iye nthawi imeneyo anali kumsana, nkhaniyo anamva kwa amayi ake. Ndinasintha kuti iwerengeke kuti anamva. Kalata ina imene achimwene anati ili kwa msuweni wathu inasowa ndithu, mwina chiswe chinadya, ndipo chiganizo chake tinachichotsa.

Zonsezi ndinkawauza pa foni, iwo n'kumadandaula mosekaseka kuti ndikuwasenda ngati chinangwa. Umboni wachisanu ndi chiwiri ndinausiya dala kuti ndimalizire, chifukwa ndinkaganiza kuti ndiwo wosavuta. Chiganizo chake chinali chakuti abambo athu ndiwo anayambitsa mapemphero m'mudzi mwathu ndi kumanga chisakasa choyamba chopemphereramo. Ndinakula ndikudziwa zimenezo monga ndimadziwira dzina langa.

Abambo anali mkamwini. Kwawo kunali kutali, ku Sinda, ndipo anabwera ku Vubwi ali mnyamata, nakwatira amayi, nakhala pamudzi pa akazi awo mpaka imfa. Munda unali wa amayi. Ife ana tinali a amalume. Pa milandu ya pamudzi ankakhala kumapeto kwa mphasa, ndipo ndikukumbukira amalume akuwanena iwo ali pomwepo kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Sanaterereke, koma sanakhalenso ndi kanthu kotchedwa kawo kupatula njinga, jekete lakuda ndi tchalitchi chija. Choncho chiganizo chimenechi m'kabukumo chinali cholowa chokha chimene tinali nacho cha iwo.

Achimwene anachiikira maumboni atatu. Woyamba unali pulogalamu imene inasindikizidwa potsegulira tchalitchi cha njerwa. Wachiwiri unali pepala la kafukufuku limene wophunzira wina wa zaubusa analemba pomaliza maphunziro ake. Wachitatu unali buku la maminitsi a bwalo la akulu a mpingo, ndi nambala ya tsamba. Mboni zitatu, ndani angatsutse?

Pulogalamuyo ndinali nayo ndekha m'sutikesi, yofiirira m'mphepete. Inkanenadi kuti abambo ndiwo anayambitsa, koma sinanene kumene inazitenga. Wophunzira uja tsopano ndi m'busa kudera lina, munthu waulemu, ndipo ananditumizira zithunzi za masamba ake pa foni tsiku lomwelo. Nayenso analemba chimodzimodzi. Nditayang'ana m'munsi mwa tsamba lake ndinapeza kuti umboni wake ndi pulogalamu yomwe ija. Ndinamuimbira kufunsa ngati anaonanso kwina, ndipo anavomera mosabisa kuti ayi, anakhulupirira pulogalamuyo poti inali ya mpingo. Mboni ziwirizo zinasanduka imodzi.

Kufunsa ndi kudziwa njira. Ndinafufuza amene analemba pulogalamuyo, ndipo ndinapeza kuti ndi alembi akale a mpingo, amene tsopano akukhala kwa mwana wawo kuno ku Katete, kuseri kwa msika. Ndinawapeza akuwothera dzuwa pakhonde. Makutu anali atayamba kuvuta koma mutu unali wakuthwa. Nditawafunsa kumene anatenga mawuwo, anandiyang'ana modabwa. Anati anakopera pa pepala la mbiri ya malemu limene linawerengedwa pamaliro a abambo. Kwathu mwambo wa maliro usanathe, wachibale amaimirira kuwerenga mbiri ya womwalirayo, ndipo pepalalo limaperekedwa kwa alembi kuti alisunge. Iwo analisunga, ndipo nthawi ya pulogalamu itafika analitulutsa.

"Nanga analemba pepalalo ndani?" ndinafunsa, ngakhale mtima unali utayamba kale kundiuza.

"Si alongo anu omwewo? Anawerenga okha, misozi ili chuchuchu."

Ndinalipo tsiku limenelo. Ndinali mtsikana, nditakhala pansi pakati pa azimayi, ndipo ndikukumbukira achimwene ataima pafupi ndi bokosi, pepala lili m'manja. Nditachoka kwa alembiwo ndinabwerera kunyumba. Mawu anachoka m'kamwa mwa achimwene, nalowa mu pulogalamu, nalowa mu pepala la wophunzira, nabwerera kwa achimwene atavala jekete, iwo n'kuwalandira ngati alendo. Komabe sindinataye mtima. Mawu kukhala ochokera kwa munthu mmodzi sindiye kuti ndi abodza, ndipo buku la maminitsi linali lidakalipo.

Ndinanyamuka m'mawa kudzera ku Chipata, ndipo ndinafika ku Vubwi fumbi lili m'makutu. Mabuku akale amasungidwa ku tchalitchi chachikulu chimene chinkayang'anira midzi yonse ya kumeneko. Alembi a tsopano, bambo wachete amene amalimanso thonje, ananditsegulira kabati yachitsulo. Bukulo linalipo, lachikuto cholimba, msana wake atausoka ndi ulusi wa thumba. Tsamba lotchulidwalo linaliponso, ndipo dzina la abambo ndinaliona ndisanakhale n'komwe pansi. Ndinasangalala ngati ndakumana nawo panjira.

Kenako ndinawerenga. Tsambalo linkanena kuti bwalo lagwirizana kutumiza mnyamata, ndiye abambowo, kuti akathandize kuphunzitsa pamudzi pathu, pamene anthu akhala akusonkhana kale dzinja lachitatu m'chisakasa chimene anamanga okha, motsogoleredwa ndi mayi wina wamasiye. Dzina la mayiyo linalembedwa bwino lomwe. Ndinalidziwa. Anali mayi wamfupi wochokera kutsidya kwa malire a Mozambique, amene ankakhala kumapeto kwa mudzi, ndipo ife ana tinkamuseka chifukwa cha kalankhulidwe kake.

Ndinaganiza kuti mwina pali tsamba lina limene likunena mosiyana, choncho ndinabwerera kumbuyo, tsamba ndi tsamba, kenako kutsogolo mpaka kumapeto, ndi buku lotsatira lomwe. Kumbuyo ndinapeza mayi uja kawiri. Koyamba anabwera wapansi kudzapempha mphunzitsi, ndipo bwalo linamubweza poti panalibe womutumiza. Kachiwiri anabwera ndi maina a anthu amene ankapemphera naye. Dzina la abambo silinapezeke paliponse lisanafike tsamba lija. Kutsogolo ndiye linali ponseponse: akubweretsa a kalasi ya ubatizo kudzayesedwa, akupempha choko, akupepesa kuti anachedwa chifukwa mtsinje unadzaza. Ndinajambula masamba onsewo ndi foni, ndi kulemba manambala ake m'kope. Alembi anandiuza kuti achimwene anabweradi zaka ziwiri zapitazo, koma inki yakaleyo inawakanika kuwerenga. Anangopempha kuti awapezere pamene dzina la abambo likuyamba kuoneka, iwo nawauza nambala ya tsamba, achimwene nalemba.

Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri la kope langa sindinaike chizindikiro chilichonse. Cholembera chofiira chija chinandilemera. Ndinakwera galimoto yobwerera osapita n'komwe kumanda a makolo anga, chifukwa ndinali ndi manyazi, ngakhale sindinadziwe kuti manyaziwo ndi a chiyani.

Ndinakhala chete masabata awiri. Achimwene ankaimba kufunsa ngati ndamaliza, ine n'kumati mutu ukundipweteka. Ndinaganiza zonse zimene munthu angaganize. Ndani adzakwere galimoto mpaka ku Vubwi kukatsegula kabati ija? Buku lilipo, tsamba lilipo, dzina lilipo. Ndikanachonga, palibe akanandigwira. Mayi uja anamwalira kalekale. Achimwene anali kudwala, ndipo kabukuka kanali kowadzutsa m'mawa. Ndinawakwiyiranso: anandipatsiranji ntchito imeneyi, podziwa mmene ndilili? Ndinakwiyira ngakhale alembi a nthawi imeneyo amene analemba maminitsi mosamala chonchija. Koma nthawi zonse ndikafika poti ndichonge, ndinkakumbukira kuti mayi uja anasiya mwana wamkazi, tsopano gogo, amene akukhalabe pamudzi pathu ndipo adzakhala pabenchi tsiku la jubili, kabukuko kakuwerengedwa.

Ndinapita ku Sinda Loweruka. Ndinawapeza achimwene atakhala pansi pa mtengo wa mango, alamu anga akusenda mtedza pakhonde. Titapatsana moni ndinayamba ndi zosavuta, vesi lija ndi kalata yosowa, ngati munthu woyendayenda m'mbali mwa mtsinje kuopa kuwoloka. Iwo anandidula, nati ndinene chimene chandibweretsa, chifukwa mawu anga sanali anga.

Ndinawafotokozera mwadongosolo, monga ndinazipezera. Pepala la wophunzira linatenga mu pulogalamu. Pulogalamu inatenga pa pepala la pamaliro. Pepala la pamaliro analemba ndi iwo. Ndipo tsamba la maminitsi likutchula abambo, koma likunena kuti anapeza anthu akupemphera kale.

Anakwiya kwambiri. Sindinawaonepo atakwiya chotero chiyambire. Anati ine sindinawadziwe abambo, ndinali mwana. Anati alembi a nthawi imeneyo ankalemba zimene akufuna. Anati ndazolowera kusaka zolakwa mpaka ndafika pofukula manda a bambo wanga. Mawu amenewo anandilasa, ndipo nanenso pakamwa panga sipachedwa. Ndinawauza kuti ngati ankafuna munthu wongochonga akanapatsa wina, ndipo kuti dzina langa silidzalembedwa pansi pa chiganizo chimene tsamba lake likuchikana. Alamu anga anasiya mtedza nalowa m'nyumba.

Nkhuku zinkatola makoko pafupi ndi mapazi athu. Kenako achimwene anati ndiwawerengere tsambalo. Ndinatulutsa foni, ndinakulitsa chithunzi, ndinawerenga pang'onopang'ono osadumpha liwu. Anati ndiwerengenso. Ndinawerenganso. Anafunsa za masamba akumbuyo, ndipo ndinawawerengera za maulendo awiri a mayi uja. Anavula magalasi nawaika pabondo.

Atayamba kulankhula, mawu anali otsika. Anati tsiku la maliro amalume anawauza kuti alembe mwachidule, poti mkamwini alibe mbiri yaitali. Iwo anakhala kuseri kwa nkhokwe ndi pepala, nalemba tsiku lobadwa, tsiku la ukwati, chiwerengero cha ana, ndipo pepalalo linali lisanafike n'komwe pakati. Zinawapweteka. Pamenepo analemba kuti abambo ndiwo anayambitsa tchalitchi. Sanafunse munthu. Ankangoona kuti munthu amene amatsegula chitseko Sabata lililonse ndi kuliza chitsulo ayenera kuti ndiye anayamba. Pambuyo pake ataziona zitasindikizidwa mu pulogalamu, kenako mu pepala la munthu wophunzira, anaiwala kuti zinachokera kwa iwo.

"Sindinaname dala, mlongo wanga," anatero. "Ndinkafuna atate anga akhale ndi kanthu."

Ndinalira. Ndinawauza kuti kanthu ali nako, ndipo ndinatsegula kope kuwawerengera manambala a masamba onse amene dzina la abambo likupezeka, chaka ndi chaka, popanda chaka chodumpha, mpaka chaka chimene anamwalira. Chiganizo chatsopano anachinena okha, ine ndikulemba: kuti mapemphero anayambitsa ndi mayi uja, amenenso anamanga chisakasa ndi anzake, kuti abambo anatumidwa pambuyo pake, natumikira pamenepo moyo wawo wonse. Umboni wake unali buku la maminitsi lokha, ndi masamba ake. Pulogalamu ndi pepala la wophunzira tinazichotsa pa chiganizo chimenecho.

Ndinaganiza kuti zatha, koma ndikutseka kope anandigwira dzanja. Anati mayi uja analipo pamaliro paja. Anakhala kutsogolo pakati pa azimayi oimba, ndipo anamva liwu lililonse. Atachoka kumanda ndiye amene anawathirira madzi osamba m'manja. Anakhala zaka zambiri pambuyo pake, anaona pulogalamu ija ikugawidwa, ndipo sananenepo kanthu. Achimwene anati kabukuko kasapite kosindikiza iwo asanakaonane ndi mwana wake.

Tinapita limodzi sabata yotsatira, iwo atatsamira paphewa langa potsika galimoto. Gogoyo tinamupeza akupeta mphale pabwalo. Anatizindikira msanga, natitchula ana a aphunzitsi, natiyalira mphasa. Achimwene anakana mpando umene anawatulutsira. Anakhala pamphasa, munthu wamkulu wa imvi ndi mawondo ake opweteka, nafotokoza zonse kuyambira pa pepala la kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinawerenga tsamba la maminitsi, kenako chiganizo chatsopano. Dzina la amayi ake litatchulidwa gogoyo anaika lichero pansi.

Achimwene anapepesa. Anati anawalanda amayi ake chinthu chawo pamaso pa mudzi wonse, ndipo akhala nacho zaka zonsezi. Anafunsa ngati iye ankadziwa.

Gogoyo anati mudzi wonse unkadziwa. Anati iye mwini tsiku la malirolo anapsa mtima, ndipo pobwerera kumanda anauza amayi ake kuti apite kwa akulu a mpingo akakonze bodzalo anthu asanabalalike. Iye ndiye ankasenza udzu wa chisakasa chija ali kamtsikana, ndipo sakanalola.

"Nanga anati chiyani?" anafunsa achimwene.

"Anandikaniza. Anati, 'Musiyeni mwanayo, akulira bambo wake. Akadzakula adzakonza yekha.'" Gogoyo anawayang'ana achimwene nthawi yaitali, kuyambira kumutu kwawo koyera mpaka kundodo imene inali pambali pawo. "Anadikira ndithu. Mpaka chaka chimene anamwalira ankafunsabe ngati mwana wa aphunzitsi uja wabwera."

Achimwene anaphimba nkhope ndi manja awiri.